Tiboole Maenje Angati Kuti Tipeze Mijigo Itatu? Masamu a Kudikira



Aliyense wa ku Balaka akukumbukira chaka cha 2018, pamene damu la Mpira ku Ntcheu linaphwa ndipo mipopi yambiri inangoti zii. Chaka chomwecho nyanja ya Chilwa inaphweranso kwambiri. Zoterezi zikachitika, anthu a ku Ulongwe, Phalula, Ntaja kapena Nsanama amayang'ana kumjigo. Vuto ndi lakuti mjigo sugulidwa ngati thumba la simenti. Makina amabwera, amaboola mamita makumi angapo, ndipo nthawi zina chotuluka ndi fumbi lokhalokha. Dzenje louma limadya dizilo, nthawi ndi ndalama, ndipo madzi osaoneka.

Tiyerekeze kuti komiti yagwirizana zoti pakhale mijigo itatu: wina pasukulu, wina pamzikiti, wina m'mudzi. Yagwirizananso kuti dzenje likauma, makina asuntha n'kuyesa pena, mpaka itatuyo ikwane. Funso la msungichuma ndi ili: tisonkhe ndalama za maenje angati? Yankho lake limachokera ku gawo la masamu a mwayi lotchedwa negetivu bayinomiyo. Dzinali ndi lolemera, koma nkhani yake ndi ya kudikira basi: munthu ayese kangati kuti apambane kokwanira nambala imene waikiratu.

Mafunso awiri ofanana nkhope

Pali mafunso awiri amene ophunzira amawasokoneza. Loyamba likuti: tiboola maenje asanu, osapitirira, ndi angati adzatuluke madzi? Apa nambala ya maenje ndi yodziwika, chosadziwika ndi nambala ya mijigo yabwino. Awa ndi masamu a bayinomiyo wamba. Lachiwiri likuti: tikufuna mijigo itatu yabwino, ndipo sitisiya isanakwane, tiboola maenje angati? Apa chodziwika ndi mijigo yabwino, chosadziwika ndi maenje. Ameneyu ndiye negetivu bayinomiyo.

Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma kumasintha zambiri. Pa funso loyamba yankho silingapose 5. Pa lachiwiri yankho limayambira pa 3 ndipo lilibe polekezera penipeni: likhoza kukhala 4, 6, ngakhale 10. Manambala akuluakuluwo sachitika kawirikawiri, koma amachitika, ndipo ndi amene amagwetsa bajeti.

Tigwiritsa ntchito zilembo zitatu. Chilembo r ndi nambala ya zopambana zimene tikufuna. Kwa ife r ndi 3. Chilembo p ndi mwayi woti dzenje limodzi litulutse madzi okwanira. Chilembo n ndi nambala ya maenje onse amene aboolewa pofika pamene mjigo wachitatu wapezeka. Pa chitsanzo chathu tiyerekeza kuti p ndi 0.7, kutanthauza kuti mwa maenje 10 aliwonse, 7 amapeza madzi ndipo 3 amauma. Nambala imeneyi tangoyisankha kuti tiphunzirire. Ya dera lanu iyenera kuchokera m'kaundula wa maenje amene anaboolewa kale kumeneko, ndipo tibwereranso pa mfundoyi.

Kumanga lamulo pang'onopang'ono

Tilembe M pa dzenje lamadzi ndi U pa dzenje louma. Njira yachidule kwambiri ndi M M M: maenje atatu, onse amadzi. Mwayi wake timaupeza pochulukitsa 0.7 × 0.7 × 0.7, zomwe zikutipatsa 0.343. Ndiye kuti mwa makomiti 100 ochita ntchito ngati yathuyi, pafupifupi 34 okha ndi amene adzamalize popanda dzenje louma ngakhale limodzi. Otsalawo, pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse, adzaona fumbi kamodzi kapena kuposa. Izi zili chonchi ngakhale kuti dzenje lililonse palokha lili ndi mwayi wabwino ndithu.

Nanga kumaliza pa dzenje lachinayi? Apa pali mfundo imene masamu onsewa atsamirapo: dzenje lomaliza liyenera kukhala lamadzi nthawi zonse, chifukwa ndi limene limatiimitsa. Palibe amene amamaliza ntchito pa dzenje louma. Choncho louma lija liyenera kukhala pakati pa atatu oyamba. Njira zake ndi zitatu: U M M M, M U M M, ndi M M U M. Njira ya M M M U kulibe, poti mijigo itatu ikakwana makina amapakira n'kumapita. Njira iliyonse ili ndi ma M atatu ndi U mmodzi, ndiye mwayi wake ndi 0.343 × 0.3, kutanthauza 0.1029. Njira zitatu pamodzi zikupereka 0.3087.

Pa dzenje lachisanu ganizo ndi lomwelo. Lachisanu ndi lamadzi, ndipo mwa anayi oyamba, awiri ndi amadzi, awiri ndi ouma. Njira zosankhira malo awiri mwa anayi ndi 6. Iliyonse ili ndi mwayi wa 0.343 × 0.3 × 0.3, kutanthauza 0.03087. Tikachulukitsa ndi 6 tipeza 0.1852.

Tsopano lamulo lonse likuoneka. Timawerenga njira zoikira zopambana r − 1 m'malo n − 1 oyamba, kenako timachulukitsa ndi mwayi wa njira imodzi:

P(n) = C(n − 1, r − 1) × p^r × (1 − p)^(n − r)

Chizindikiro cha C chikutanthauza nambala ya njira zosankhira, ndipo pa kakyuleta ya sayansi ndi batani lolembedwa nCr. Pa r wa 3 manambala a njira amayenda motere: 1, 3, 6, 10, 15, 21. Ophunzira amene anaonapo makona atatu a Pascal awazindikira, poti ali pamzere umodzi wopendekera wa makonawo.

Zotsatira zonse

Nawu mndandanda wa chitsanzo chathu. Nambala yoyamba ndi mwayi womaliza pa dzenje limenelo ndendende. Yachiwiri ndi mwayi woti tikhale titamaliza pofika pa dzenjelo, kuphatikiza onse am'mbuyo.

Maenje 3: 0.343, onse pamodzi 0.343
Maenje 4: 0.309, onse pamodzi 0.652
Maenje 5: 0.185, onse pamodzi 0.837
Maenje 6: 0.093, onse pamodzi 0.930
Maenje 7: 0.042, onse pamodzi 0.971
Maenje 8: 0.018, onse pamodzi 0.989

Taonani kaimidwe ka manambalawa. Aunjikana pa 3 ndi 4, kenako akutsika pang'onopang'ono ngati mchira wautali. Kumanzere kuli khoma, poti sitingamalize ndi maenje ochepera atatu. Kumanja kulibe khoma. Ndi chifukwa chake zodabwitsa za ntchito yotere zimakhala za mbali imodzi: mwayi ukatikomera timapulumutsa pang'ono, ukativuta timaonjezera zambiri.

Avereji imanyenga

Avereji ya maenje ndi yosavuta kupeza: r ÷ p. Chifukwa chake n'chomveka. Ngati maenje 7 mwa 10 amapeza madzi, ndiye kuti mjigo umodzi wabwino umafuna maenje 10 ÷ 7, pafupifupi 1.43. Mijigo itatu ifuna katatu kake, 3 ÷ 0.7, pafupifupi 4.3.

Msungichuma akamva 4.3 akhoza kunena kuti tisonkhe za maenje anayi, nkhani yatha. Koma mndandanda ukuti mwayi womaliza pofika dzenje lachinayi ndi 0.652. Ndiye kuti pa ntchito 100 zotere, pafupifupi 35 ndalama zidzatha mijigo isanakwane. Malo amodzi mwa atatu aja adzakhala opanda madzi, makina adzachoka, ndipo kuwaitananso kumafuna kulipira ulendo wina. Tikasonkha za maenje asanu, ngozi yotsalira imatsika kufika pa 16 pa 100. Za maenje asanu ndi limodzi, 7 pa 100. Za asanu ndi awiri, 3 pa 100.

Avereji imatiuza zimene zimachitika tikaphatikiza ntchito zambirimbiri. Komiti yathu ili ndi ntchito imodzi yokha, ndipo funso loyenera kwa iyo ndi lakuti: tikulola ngozi yotsalira yochuluka bwanji? Masamu sangayankhe funso limenelo m'malo mwa akuluakulu. Amangoonetsa mtengo wa yankho lililonse. Komiti ikanena kuti ikufuna kutsimikiza koposa 9 pa 10, mzere woyamba wodutsa 0.9 ndi wa maenje 6.

Kusandutsa maenje kukhala ndalama

Dzenje louma silidya ndalama zofanana ndi mjigo wathunthu. Salivekera mapaipi, saliikira pampu ya Afridev, ndipo salimangira simenti pamwamba. Choncho bajeti tiigawe pawiri. Gawo loyamba ndi lodziwika: mijigo itatu yathunthu. Gawo lachiwiri ndi losadziwika: maenje ouma, omwe nambala yake ndi n − 3.

Mitengo imasintha ndi dizilo ndi mphamvu ya kwacha, ndiye tiwerengere m'mitengo ya mjigo. Tiyerekeze kuti dzenje louma limadya theka la mtengo wa mjigo wathunthu. Avereji ya maenje ouma ndi 4.3 kuchotsa 3, pafupifupi 1.3, ndipo mtengo wake ndi pafupifupi 0.64 ya mjigo. Pa avereji ntchito yonse idya mitengo ya mijigo 3.64. Koma kuti titsimikize 93 pa 100, tiyenera kukonzekera maenje ouma atatu, omwe ndi mtengo wa mjigo umodzi ndi theka. Thumba lonse likhale la mijigo 4.5.

Ndalama yapaderayo nthawi zambiri sidzatha yonse. Ndi bwino kuuziratu osonkha kuti ilipo, yasungidwa padera, ndipo ikatsala ipita kuti, mwachitsanzo ku thumba logulira zipangizo za pampu zimene zimatha msanga. Anthu akauzidwa poyamba kuti dzenje louma ndi mbali ya ntchitoyi, sadabwa likabwera. Paja akuluakulu amati walira mvula walira matope.

Pamene p wasintha

Zonsezi zatsamira pa p. Tiyese manambala ena awiri kuti tione mphamvu yake.

Ngati p ndi 0.5, avereji imakwera kufika pa maenje 6. Mwayi womaliza ndi atatu okha ndi 0.125, kamodzi pa kasanu ndi katatu. Bajeti ya maenje 6, imene inkatipatsa 93 pa 100, tsopano ikutipatsa 66 pa 100 basi. Kuti tidutse 9 pa 10 tiyenera kukonzekera maenje 9.

Ngati p ndi 0.9, avereji ndi 3.3. Mwayi womaliza ndi atatu okha ndi 0.729, ndipo pofika dzenje lachinayi ndi 0.948. Dzenje limodzi lapadera likukwanira.

Apa ndi pamene phindu la kupima nthaka lisanabwere galimoto loboolera limaonekera. Pansi pa madera ambiri a Machinga ndi Balaka pali thanthwe lolimba, ndipo madzi amapezeka m'gawo lofumbutuka la pamwamba pa thanthwelo ndi m'ming'alu yake. Malo awiri oyandikana akhoza kusiyana, ena pamng'alu, ena pamwala wosasweka. Akatswiri amapima polowetsa magetsi m'nthaka kudzera m'zitsulo zokhomedwa pansi, n'kuona mmene nthakayo ikukanira magetsi. Mwala wouma umakana kwambiri kuposa wonyowa. Tiyerekeze kuti kupima kotero kukukweza p kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.9. Avereji ya maenje ouma itsika kuchoka pa 1.3 kufika pa 0.33, ndipo m'ndalama ndi kuchoka pa 0.64 kufika pa 0.17 ya mtengo wa mjigo. Tapulumutsa pafupifupi theka la mtengo wa mjigo. Ngati wopimayo akulipiritsa zochepera pamenepo pa malo onse, kumulemba ntchito n'kwanzeru. Komiti imufunse kuti mwa malo amene anasankhapo m'dera lino, ndi angati anatulutsa madzi ndipo ndi angati anauma.

Mgwirizano wa "madzi akapanda kutuluka simulipira"

Oboola ena amalola mgwirizano woti komiti ilipire mijigo yotulutsa madzi yokha. Zikumveka ngati maenje ouma asanduka aulere, koma woboolayo amawerenganso masamu omwewa. Pa p wa 0.7, mjigo uliwonse wabwino umabwera ndi maenje ouma 0.43 pa avereji. Pa theka la mtengo, zimenezi ndi pafupifupi 21 pa 100 ya mtengo wa mjigo, ndipo woboola wosafuna kuluza adzaziika mumtengo wake. Choncho mtengo wake ukaposa wa mnzake wolipiritsa pa mita ndi gawo loterolo, sikuti akuba, akugulitsa chitsimikizo.

Iye angathe kusenza ngoziyi mosavuta kuposa ife chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito zake. Kumwazikana kwa n mozungulira avereji kumayezedwa ndi √(r × (1 − p)) ÷ p. Pa mijigo 3 yankho ndi pafupifupi 1.4, pa avereji ya 4.3, kumeneko ndi kugwedezeka kwa pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Pa mijigo 30 yankho ndi pafupifupi 4.3, pa avereji ya 43. Gawo limodzi mwa khumi basi. Ntchito zikachuluka, tsoka la pano limakwiriridwa ndi mwayi wa apo.

Mgwirizano wotere uli ndi msampha wake. Woboola amene salipidwa pa dzenje louma amakopeka kunena kuti dzenje la madzi ochepa ndi lopambana, kapena kukokera mjigo kudambo, kutali ndi nyumba za anthu. Izi zikutifikitsa pa malire a masamuwa.

Zinthu zinayi zimene lamuloli likudalira

Choyamba, dzenje lililonse likhale lopambana kapena lolephera, popanda za pakatikati. Zenizeni sizikhala zoyera choncho. Pali dzenje lotulutsa madzi pang'ono, pali la madzi amchere monga amapezeka m'malo ena a m'zigwa, ndipo m'madera ena a Machinga muli madzi a fulorayidi wambiri amene amathimbiriritsa mano a ana. Pali lina lotulutsa madzi mu Epulo n'kuuma mu Okutobala. Tanthauzo la "kupambana" lilembedwe mumgwirizano makina asanalire. Mwachitsanzo, komiti ikhoza kulemba kuti mjigo uzitulutsa kota ya lita pa sekondi kwa maola angapo akupopa mosalekeza, zomwe ndi kudzaza chigubu cha malita 20 m'masekondi 80, ndiponso kuti madzi ayezedwe kulabotale. Tanthauzo likakhwima p amatsika, choncho p amene tikugwiritsa ntchito akhale wa tanthauzo lomwelo.

Chachiwiri, p akhale yemweyo pa dzenje lililonse. Koma malo abwino kwambiri ndi amene timayamba nawo, ndipo akauma timapita ku achiwiri amene wopima sanawakonde kwenikweni. Komanso sukulu ikhoza kukhala pamtunda wamiyala pamene mudzi uli kufupi ndi dambo. Ngati malo atatuwo akusiyana kwambiri, tiwerenge avereji ya aliwonse paokha, 1 ÷ p, n'kuphatikiza. Malo a 0.9, 0.7 ndi 0.5 akupereka 1.11, 1.43 ndi 2, pamodzi 4.54. Avereji ya ma p atatuwo ndi 0.7 yemweyo, koma maenje achuluka kuposa 4.3, chifukwa malo ovuta amakoka kwambiri kuposa mmene malo osavuta amathandizira.

Chachitatu, zotsatira za dzenje lina zisakhudze linzake. Apa ndi pamene lamuloli limaphonya kawirikawiri. Maenje awiri oyandikana ali pamwala umodzi, ndiye loyamba likauma, lachiwiri lili ndi mwayi wochepa kuposa 0.7. Chizindikiro chake m'kaundula ndi chakuti maenje ouma amabwera motsatizana m'mudzi umodzi, pamene midzi ina ilibe ndi limodzi lomwe. Zikatero mchira weniweni umakhala wautali kuposa wa mndandanda wathu, ndipo ndalama yapadera iyenera kukula.

Chachinayi, tisasiye mpaka r akwane. Komiti ikanena kuti pa dzenje lachisanu ndi chimodzi tisiya zivute zitani, mndandanda ukugwirabe ntchito mpaka mzere umenewo, ndipo 7 pa 100 yotsalayo ndi mwayi wobwerera ndi mijigo yosakwana.

Kodi p timupeza kuti? Ku ofesi ya zamadzi ya boma la Machinga kapena la Balaka, kwa oboola amene agwirapo ntchito m'deralo, ndi kwa mafumu ndi makomiti a mijigo amene amakumbukira pamene makina anayesa n'kulephera. Chenjezo ndi lakuti mjigo wopambana umaoneka ndipo umawerengedwa, pamene dzenje louma limakwiriridwa n'kuiwalika. Kaundula wa mijigo yokhayokha amakweza p monyenga. Ndiponso nkhani ya mudzi umodzi siikwanira: mudzi woyandikana ukapeza itatu pa maenje atatu, zimenezo zimachitika kamodzi pa kasanu ndi katatu ngakhale pamalo a p wa 0.5.

Ntchito ili m'kati

Tiyerekeze kuti maenje atatu aboolewa, limodzi lamadzi, awiri ouma. Wina adzati tauma kawiri, lotsatira liyenera kutuluka madzi basi. Nthaka sisunga ngongole. Ngati p ndi 0.7, dzenje lotsatira lili ndi 0.7 yemweyo. Kuwerenga kumangoyambiranso ndi r watsopano: tatsala ndi mijigo iwiri, ndiye avereji ya maenje otsala ndi 2 ÷ 0.7, pafupifupi 2.9. Ndipo ngati maenje oumawo akutiphunzitsa kanthu, ndi kakuti mwina p wa malo ano ndi wotsika kuposa mmene tinkaganizira.

Mndandanda umathandizanso pamene anthu ayamba kunong'onezana kuti ndalama zadyedwa. Ntchito ikafika pa maenje asanu kapena kuposa, palibe chachilendo. Zimenezo zimachitika 35 pa 100. Ikapitirira maenje asanu ndi awiri, zimenezo ndi za 3 pa 100 zokha, ndipo ndi nthawi yoimitsa makina n'kufunsa mafunso. Kodi malo anapimidwa? Kodi woboola akufika pakuya pamene tinagwirizana? Kodi alipo wa komiti amene akuwerenga ndodo zoboolera pamene zikulowa pansi? Nambala yaing'ono ngati imeneyi si umboni woti wina walakwa. Ikungonena kuti 0.7 uja ndi wokayikitsa, ndipo chifukwa chake chifufuzidwe tisanaloze munthu chala.

Kwa ophunzira: zolakwika ziwiri ndi kuyesa kumodzi

Cholakwika chofala ndi kuiwala kuti dzenje lomaliza ndi lamadzi, n'kulemba C(n, r) m'malo mwa C(n − 1, r − 1). Pa maenje anayi mupeza njira 4 m'malo mwa 3, ndipo yankho likhala 0.4116. Mungadzigwire nokha pophatikiza: 0.343, 0.4116 ndi 0.3087 ya maenje asanu zikupereka 1.06, ndipo mwayi wonse pamodzi sungapose 1.

Chachiwiri chimachokera m'mabuku ndi pakompyuta. Ena amawerenga maenje onse monga tachitira ife, ena amawerenga ouma okha. Pulogalamu ya Excel imawerenga olephera okha. Kuti mupeze mwayi womaliza pofika dzenje lachisanu ndi chimodzi, mulembe olephera 3, osati 6:

```
=NEGBINOM.DIST(3,3,0.7,TRUE)
```

Yankho ndi 0.9295, lofanana ndi la mndandanda wathu.

Kuyesa kwake sikufuna kompyuta. Ikani nyemba 7 zoyera ndi 3 zofiira m'kathumba. Tolani imodzi osayang'ana, lembani mtundu wake, ibwezereni m'thumba, gwedezani, ndipo pitirizani mpaka zoyera zikwane zitatu. Lembani kuti mwatola kangati. Kalasi yonse ikachita kokwana 100, muyembekezere kuti pafupifupi 34 athera pa 3, pafupifupi 31 pa 4, ndipo ochepa afika pa 7 kapena kuposa. Manambala anu sadzafanana ndendende ndi amenewa, koma mchira uja udzaoneka pabolodi. Kubwezera nyemba n'kofunika. Mukapanda kutero p asintha pa kutola kulikonse, ndipo mwaswa lamulo lachiwiri lija.

Kumene masamuwa anachokera

M'chaka cha 1654 akatswiri awiri a ku Falansa, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, ankalemberana makalata pa funso la masewera a ndalama amene aimitsidwa pakati: wina watsala ndi zigoli zingapo kuti apambane, mnzake zingapo, ndiye agawane bwanji? Limenelo ndi funso la kudikira zopambana zoikiratu, ndipo n'chifukwa chake mabuku ena amatchula masamuwa ndi dzina la Pascal. Mawu akuti negetivu anabwera chifukwa manambala a mndandanda wathu amatuluka tikatambasula (1 − q)^(−r), pamene q ndi 1 − p, ndipo mphamvu yake ndi nambala yochepera ziro.

Makolo ena angafunse ngati masamu obadwira pa juga ali oyenera pasukulu yathu. Juga ndi yoletsedwa, ndipo masamu omwewa ndi amene amaonetsa poyera chifukwa chake wobetcha amaluza akapitiriza. Woboola mjigo sakubetcha ndi munthu. Akungowerengera ngozi imene ilipo kale pansi pa nthaka. Masamu sanena kuti dzenje liti lidzatuluka madzi. Amanena kuchuluka kwa zimene tiyenera kukonzekera.

Makona atatu a manambala aja ndi akale kuposa Pascal. Katswiri wachisilamu Al-Karaji, amene anagwira ntchito ku Baghdad cha m'ma 1000, anawafotokoza zaka zoposa 600 Pascal asanalembe za iwo. Munthu yemweyo analembanso buku la kapezedwe ka madzi obisika pansi pa nthaka, lofotokoza zizindikiro za pamene pali madzi ndi kakumbidwe ka ngalande zapansi.

Komiti iliyonse imene ikuganiza za mijigo itenge zinthu zitatu popita kumsonkhano: tanthauzo lolembedwa la mjigo wopambana, p wochokera m'kaundula wowerenga ndi maenje ouma omwe, ndi mndandanda ngati uli pamwambawu wowerengedwa ndi p ameneyo. Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 angathe kuukonza mndandandawo ndi kakyuleta m'mphindi zochepa, ndipo akuluakulu asankhe mzere umene akufuna kuimapo asanalengeze ndalama yosonkha.